Mmene mungaitanitsire chipukuta misozi kampani ya ndege ikalepheretsa ulendo wanu muli kutali ndi kwanu

Anthu ambiri amene ulendo wawo wa pandege walepheretsedwa amataya ndalama zawo mu ola loyamba, asanalembe n'komwe kalata yodandaula. Uthenga ukangofika pafoni, amathamangira kudina batani lililonse limene kampani yawaonetsa, kenako amazindikira mochedwa kuti avomera vocha m'malo mwa ndalama, kapena kuti alandira ndalama za tikiti koma alibe pogona ndiponso alibe ndege ina yowafikitsa kumene akupita. Ndikulemba izi ndili paulendo m'dziko la eni, kumene ndilibe wachibale woti angabwere kudzanditenga pabwalo la ndege, ndipo malangizowa ndawalembera munthu amene zinthu zili chimodzimodzi kwa iye.

Ndikhazikika pa ulendo wonyamuka m'mayiko a mgwirizano wa ku Ulaya wa EU, chifukwa kumeneko kuli lamulo lotchula ndalama zenizeni, lotchedwa EC 261/2004. Lamuloli limapatsa wapaulendo zinthu zitatu zosiyana, zomwe ndi ndege ina kapena ndalama za tikiti, chisamaliro pamene akudikira, ndi chipukuta misozi. Kulandira ndege ina, ndalama za tikiti kapena chisamaliro sikuchotsa ufulu wanu pa chipukuta misozi, ngakhale kuti mauthenga a makampani ambiri amalembedwa ngati kuti kumachotsa.

Zofunika kukhala nazo

- Nambala yosungitsira malo, yomwe nthawi zambiri imakhala ya zilembo ndi manambala asanu ndi limodzi, komanso nambala ya tikiti ya manambala 13.
- Chiphaso chokwerera ndege, chapapepala kapena chapafoni, ngati munali mutachilandira kale.
- Uthenga wolepheretsa ulendo, wojambulidwa mwakuti tsiku ndi nthawi imene unafika zikuoneka.
- Malisiti onse a chakudya, a hotela ndi a mayendedwe.
- Chiphaso cha ndege yachiwiri imene munakwera pamapeto pake, ndi nthawi imene inafika.
- Nambala ya akaunti yanu ya kubanki pamodzi ndi nambala ya SWIFT ya banki yanu, kapena IBAN ngati muli nayo, zomwe ndi manambala olandirira ndalama zochokera kunja.
- Adiresi ya imelo imene mudzapitirizebe kuigwiritsa ntchito mukachoka m'dzikolo.

Muli pabwalo la ndege

1. Jambulani umboni musanachite china chilichonse. Jambulani uthenga wa pafoni, imelo, ndi bolodi la pabwalo la ndege limene likuonetsa kuti ndege yanu sinyamuka. Chiphaso chapafoni chijambuleninso nthawi yomweyo, chifukwa mapulogalamu a makampani ena amachifufuta akangokusamutsirani pa ndege ina, ndipo patapita miyezi mudzapeza kuti fomu yodandaulira ikuchifuna. Pitani kwa wogwira ntchito pakauntala, mumufunse chifukwa chimene ndege yalepherekera, ndipo mumupemphe kalata yotsimikizira. Akakana kulemba, lembani nokha zimene wanena ndi nthawi imene wanenera. Chifukwa chimene ogwira ntchito amanena tsiku lomwelo nthawi zina chimasiyana ndi chimene likulu la kampani limadzalemba pambuyo pake.

2. Sankhani mosamala pakati pa ndege ina ndi ndalama za tikiti. Lamulo limati kampani ikupatseni mwayi wosankha kubwezeredwa ndalama za tikiti pasanathe masiku 7, kukwezedwa ndege ina mwamsanga ndithu, kapena kukwezedwa tsiku lina limene inu mwafuna. Apa ndi pamene munthu amene ali kutali ndi kwawo ayenera kudekha kwambiri. Mukangosankha kubwezeredwa ndalama, udindo wa kampani wokufikitsani kumene mukupita watha, ndipo chakudya ndi hotela za masiku otsatira zikhala za m'thumba mwanu. Tikiti imene munagula miyezi itatu yapitayo inali yotsika mtengo, koma yogula lero kuti munyamuke mawa ingathe kukwera kuwirikiza kawiri kapena kuposa, ndipo ndalama zobwezedwazo sizifika nthawi yomweyo. Munthu amene nyumba yake ili pafupi ndi bwalo la ndege angathe kulandira ndalama n'kubwerera kwawo kukagona. Inu amene mulibe kobwerera, sankhani ndege ina, pokhapokha ngati cholinga cha ulendowo chatha kale kapena mwapeza tikiti ina yotsika mtengo imene mwaiona ndi maso anu.

Ngati ndege imene akukupatsani ndi ya masiku atatu kutsogolo, yang'anani nokha ngati makampani ena ali ndi malo lero kapena mawa, ndipo mukawapeza, auzeni nambala ya ndegeyo n'kupempha kuti akusamutsireni kumeneko. Akakana, jambulani malo amene mwawaonawo ndi mtengo wake, ndipo muwatumizire uthenga wolembedwa musanagule tikiti yanuyanu. Amene amagula tikiti ina osafunsa kaye amavutika kwambiri kuti abwezeredwe.

3. Itanitsani chisamaliro, ndipo akapanda kupereka, sungani malisiti. Pamene mukudikira ndege ina, kampani iyenera kukupatsani chakudya ndi zakumwa zolingana ndi nthawi yodikira, mwayi woimba foni kapena kutumiza uthenga kawiri, chipinda cha kuhotela ngati mugona, ndi mayendedwe a pakati pa bwalo la ndege ndi hotelayo. Udindo umenewu sudalira chifukwa chimene ndege yalepherekera. Phiri litaphulika ku Iceland mu 2010, phulusa lake n'kuimitsa ndege kwa masiku angapo, khoti lalikulu la EU linagamula mu 2013 kuti makampani anayenerabe kusamalira anthu awo masiku onsewo.

Ndege zambiri zikalephereka tsiku limodzi, mzere wa pakauntala umatalika ndipo zipinda zimene kampani inakonza zimatha. Zikatero dzipezereni nokha chipinda cha mtengo wapakatikati, osati chapamwamba, ndipo pemphani lisiti yokhala ndi dzina lanu, tsiku, ndi zimene mwalipirira. Kapepala kotuluka m'makina olipirira ndi khadi sikokwanira chifukwa kamangoonetsa ndalama, sikaonetsa chimene chagulidwa. Mowa musauike pa lisiti ya chakudya, chifukwa makampani ambiri sabweza ndalama zake, ndipo umapatsa wowerenga madandaulo chifukwa chokayikira lisiti yonse. Malisiti ambiri amafufutika akakhalitsa m'chikwama, choncho ajambuleni usiku womwewo.

Yang'ananinso tsiku limene viza yanu ikutha. Ngati ndege yatsopano inyamuka viza itatha, pitani kwa apolisi a zolowa ndi zotuluka pabwalo lomwelo tsikulo lisanakwane, mutatenga kalata ya kampani ija.

Kudziwa ngati chipukuta misozi chikukuyenerani

4. Tsimikizani kuti lamuloli likukhudza ulendo wanu. Limakhudza ndege iliyonse yonyamuka m'dziko la mu EU, kaya kampani yake ndi ya kuti, ndiponso ndege yolowa mu EU kuchokera kunja ngati kampani yoiyendetsa ndi ya mu EU. Limagwiranso ntchito ku Iceland, ku Norway ndi ku Switzerland. Dziko la Britain lili ndi lamulo lakelake lofanana nalo, lomwe ndalama zake ndi mapaundi 220, 350 ndi 520. Ku United States mumabwezeredwa ndalama za tikiti ngati mwakana ndege ina, koma kulibe lamulo lotchula chipukuta misozi chokhazikika.

Ulendo wopita ndi wobwerera amauwerenga ngati maulendo awiri ngakhale tikiti ndi imodzi. Ngati munanyamuka ku Paris ndi kampani ya kunja kwa EU, ulendo wopitawo ndi wotetezedwa, koma wobwerera ndi kampani yomweyo si wotetezedwa. Wolipira ndi kampani imene inayenera kuyendetsa ndegeyo, yomwe dzina lake limalembedwa pa tikiti pambuyo pa mawu akuti "operated by", osati imene inakugulitsani tikiti kapena kampani yokonza maulendo imene munagulirako.

5. Werengani masiku amene anakudziwitsirani. Ngati anakuuzani kutatsala masiku 14 kapena kuposerapo, chipukuta misozi palibe. Ngati anakuuzani kutatsala masiku a pakati pa 7 ndi 14, kampani silipira ikakupatsani ndege yonyamuka mofulumira osaposa maola awiri ndi yofika mochedwa osakwana maola anayi. Ngati anakuuzani kutatsala masiku osakwana 7, malire amachepa, ndipo ndege yatsopanoyo iyenera kunyamuka mofulumira osaposa ola limodzi ndi kufika mochedwa osakwana maola awiri. Kunja kwa malire amenewa chipukuta misozi chilipo, ndipo udindo wotsimikizira kuti munadziwitsidwa, komanso liti, uli pa kampani.

6. Yezani mtunda kuti mudziwe ndalama. Ulendo wosaposa makilomita 1,500 ndi mayuro 250. Ulendo wa makilomita 1,500 mpaka 3,500 ndi mayuro 400, ndipo ndalama zomwezi ndi za ulendo uliwonse woposa makilomita 1,500 wothera mkati mwa EU. Ulendo woposa makilomita 3,500 wotuluka kapena wolowa mu EU ndi mayuro 600. Mtundawu amauyeza molunjika kuchokera pamene munayambira kufika pamene tikiti yanu ikuthera, osati kuphatikiza mitunda ya ndege zonse zimene mukadasintha panjira. Ndalamazi ndi za munthu aliyense amene tikiti yake inalipiridwa, ndipo sizitengera mtengo wa tikiti. Kampani ili ndi ufulu wodula theka ngati ndege yatsopano yakufikitsani mochedwa osaposa maola awiri pa mtunda waufupi, atatu pa wapakati, ndi anayi pa wautali. Malamulo amasintha, choncho musanalembe kalata onani ndalama zimene zinali kugwira ntchito tsiku la ulendo wanu.

7. Unikani chifukwa chimene kampani yapereka. Kampani imamasuka ku chipukuta misozi ikaonetsa kuti ulendo unalephereka chifukwa cha zinthu zapadera zimene sikadatha kuzipewa ngakhale itachita zonse zotheka. M'makalata awo mudzaona mawu akuti "extraordinary circumstances". Nyengo yoipa kwambiri, kutsekedwa kwa bwalo la ndege, chiopsezo cha chitetezo, sitiraka ya oyang'anira kayendedwe ka ndege mumlengalenga ndi mbalame yolowa mu injini zili m'gulu limeneli. Koma kuwonongeka wamba kwa ndege sikuli m'gululi. Khoti la EU linagamula mu 2008, n'kubwerezanso mu 2015, kuti chipangizo chikawonongeka, ngakhale mwadzidzidzi, imeneyo ndi mbali ya ntchito ya tsiku ndi tsiku ya kampani ya ndege. Mu 2021 linagamulanso kuti sitiraka ya antchito a kampaniyo eni ake ofuna malipiro abwino si chifukwa chokanira kulipira. Choncho yankho lonena kuti ndege inali ndi vuto ndipo anaiimitsa pofuna kuteteza miyoyo yanu lisakufooketseni. Anachita bwino kuiimitsa, koma ndalama zanu ayenera kulipirabe.

Akanena za nyengo, kumbukirani zimene munaona pa bolodi lija. Ngati ndege za makampani ena zinkanyamuka nthawi yomweyo kupita mbali yomweyo, muli ndi poyambira kufunsa. Zimenezi pazokha si umboni wokwanira, chifukwa nyengo yoipayo ingakhale ya kumene ndege yanu inkachokera, koma zimakupatsani mphamvu yopempha kuti afotokoze bwalo lake, nthawi yake, ndi zimene anayesa kuchita.

Chitsanzo

Tiyerekeze kuti munali ndi tikiti yochoka ku Paris kupita ku Johannesburg, yonyamuka Lachiwiri 9 koloko usiku n'kufika Lachitatu 8 koloko m'mawa. Masana a Lachiwiri lomwelo mwalandira uthenga woti ulendo walephereka, ndipo pakauntala akuuzani kuti injini ili ndi vuto. Akusamutsirani pa ndege ya Lachitatu usiku, yofika Lachinayi 8 koloko m'mawa. Zipinda za kampani zatha, ndiye mwalipira nokha mayuro 110 a hotela, 38 a chakudya ndi 12 a basi.

Ndege inkanyamuka mu EU, choncho lamulo likugwira ntchito posatengera kwawo kwa kampaniyo. Anakudziwitsani tsiku lomwelo, ndipo mwafika mochedwa ndi maola 24, kuposa kwambiri malire a maola awiri. Mtunda ukuposa makilomita 8,000, ndipo vuto la injini si chifukwa chapadera. Muitanitsa mayuro 600 a chipukuta misozi ndi mayuro 160 a zimene munalipira, zonse pamodzi 760. Akadakupezerani ndege ina usiku womwewo yodzera mumzinda wina n'kufika 11 koloko m'mawa Lachitatu, mukadachedwa ndi maola atatu okha. Chipukuta misozi chikadakhalapobe chifukwa maola awiri apitirira, koma kampani ikadatha kudula theka n'kulipira 300 chifukwa maola anayi sanapitirire. Ulendo ukadalephereka chifukwa cha chimphepo chotseka bwalo lonse, mayuro 600 aja sakadakhalapo, koma 160 ija akadabwezabe.

Kulemba ndi kulondola

8. Tumizani dandaulo lolembedwa. Gwiritsani ntchito fomu ya madandaulo ya kampani yoyendetsa ndegeyo, osati kuimba foni, chifukwa zonenedwa pafoni sizisiya umboni. Lembani m'Chingelezi kapena m'chilankhulo cha kampaniyo, ndipo mutu wake ukhale wachindunji:

```
Claim under EC 261/2004, Articles 5, 7 and 9
```

M'kati mwake mutchule dzina lanu monga lilili pa pasipoti, nambala yosungitsira malo, nambala ya ndege ndi tsiku lake, nthawi imene munadziwitsidwa, nthawi imene munayenera kufika ndi imene munafika. Ndalama za chipukuta misozi ndi za malisiti muzilembe m'mizere iwiri yosiyana, kuti akakana zina asakanire limodzi ndi zinzake. Nenani kuti mukufuna ndalama kudzera kubanki ndipo simukuvomera vocha, popeza lamulo limalola vocha pokhapokha inu mutavomera mwa kusaina. Perekani tsiku loti akhale atayankha, mwachitsanzo pakatha masiku 14. Nkhani ya kutopa kwanu ndi mkwiyo wanu isiyeni, chifukwa wowerenga kalatayo akufufuza manambala ndi nthawi basi. Musanadine batani lotumizira, jambulani zonse zimene mwalemba, popeza mafomu ena satumiza kope, ndipo sungani nambala ya dandaulo imene akupatseni.

Ngati akaunti yanu si ya mayuro, funsani banki yanu ngati imalandira ndalama zakunja ndiponso imadula zingati, ndipo dzina la pa akaunti lifanane ndi la pa tikiti.

9. Akakana kapena akakhala chete, pitani pamwamba. Kukana koyamba kawirikawiri kumakhala kalata yokonzedwa kale yotumizidwa kwa aliyense. Yankhani kamodzi, mopempha umboni wa chifukwa chimene atchula. Pakatha miyezi iwiri popanda yankho logwira mtima, dandaulani ku bungwe la boma loyang'anira lamuloli m'dziko limene ndege inayenera kunyamukira, kapena ku bungwe lothetsa mikangano kunja kwa khoti ngati kampaniyo ndi membala wake. Ku Britain mabungwe oterewa amalandira nkhani pakatha masabata 8. Nthawi yosumira imatengera dziko, ndipo ku Netherlands ndi zaka ziwiri, ku Germany zitatu, ku England zisanu ndi chimodzi. Alipo makampani oitanitsira anthu ndalamazi, amene amadula pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu. Kwa munthu amene wabwerera kale kwawo ndipo sangasume kukhoti la dziko lakutali, makampaniwa ndi othandiza, koma kuwapatsa nkhani musanayese nokha ndi kutaya ndalama, chifukwa kalata yoyamba ndi yaulere.

Za hotela

Hotela imene munasungitsa kumene mukupita ingathe kufufuta masiku anu onse mukapanda kufika usiku woyamba osanena kanthu. Itumizireni uthenga muli pabwalo la ndege, muiuze tsiku latsopano lofikira, ndipo mupemphe kuti isakulipiritseni usiku umene mwaphonya. Ikakana, pemphani kalata yonena ndalama zimene sinabweze, chifukwa a inshuwaransi ya paulendo amaifuna pamodzi ndi kalata ya kampani ya ndege.

Ikakhala hotela yeniyeniyo imene yalepheretsa malo anu, palibe ndalama zokhazikika ngati za ndege, ndipo chimene mungaitanitse ndi zimene mwatayadi. Pemphani kuti akupezereni chipinda chofanana nacho kwina, alipire kusiyana kwa mtengo ndi mayendedwe okafika kumeneko. Musalole kuti akuuzeni kuti mulepheretse nokha pafoni yanu, chifukwa zikatero zolembedwa zidzaonetsa kuti ndinu munasintha maganizo. Ngati munalipira ndi khadi ndipo sakubweza, funsani banki yanu za njira yobwezetsa ndalama za ntchito imene sinachitike, ndipo fulumirani chifukwa njirayi ili ndi malire a masiku.

Zolakwika zimene anthu amachita kawirikawiri

Cholakwika chachikulu ndi kulepheretsa nokha tikiti mutangomva mphekesera yoti ndege sinyamuka. Dikirani uthenga wa kampani, chifukwa wolepheretsa yekha sayeneranso kulandira kanthu pansi pa lamuloli.

Ena amalandira vocha ya chakudya pabwalo la ndege n'kuganiza kuti nkhani yatha, pamene vochayo ndi ya chisamaliro chabe. Vocha yoyenera kuiopa ndi ya maulendo am'tsogolo, makamaka ikabwera ndi mawu oti mukailandira simudzaitanitsanso kanthu. Werengani mawu ang'onoang'ono a pansi pake, ndipo dzifunseni ngati mudzakweradi kampani imeneyo vochayo isanathe ntchito.

Enanso amagula matikiti awiri osiyana kuti asinthe ndege panjira, ndipo yoyamba ikalephereka amayembekezera kuti mtunda uwerengedwe mpaka kumapeto kwa yachiwiri. Mtunda umathera pamene tikiti yolepherekayo ikuthera, ndipo kampani yachiwiri ingakuwerengeni ngati munthu amene sanabwere, n'kufufutanso ulendo wanu wobwerera ngati simunailankhule ndege yake isananyamuke.

Pomaliza pali amene amalemba pa fomu nambala ya foni imene anagula m'dziko lachilendolo. Yankho la kampani lingabwere patapita miyezi, nambalayo itasiya kale kugwira ntchito, ndipo nthawi zina amapempha chikalata china n'kutseka dandaulo mukapanda kuyankha m'masiku amene apereka. Lembani imelo yanu yokhazikika, ndipo muziyang'ananso m'bokosi la mauthenga osafunika sabata iliyonse mpaka ndalama zitalowa mu akaunti.